Tebulo langa la mabondi likundigwetsa pa mayeso

"Aphunzitsi, ndinajambula tebulo lofananitsa mabondi atatu aja a mu kemisitiri, ayoniki, kovalenti ndi metaliki, ndipo ndinaliloweza lonse. Koma pa mayeso anatifunsa chifukwa chake dayamondi safuna kusungunuka, pomwe tebulo langa limati zinthu za kovalenti zimasungunuka pa kutentha kochepa. Ndinalakwanso funso lakuti n'chifukwa chiyani mchere wouma sudutsitsa magetsi. Kodi ndisiye zamatebulozi, kapena pali pomwe ndikuphonya polemba?"
Wophunzira wa kusekondale

Musasiye, ndipo musadzione ngati mutu wanu ndi wouma. Tebulo lomwe munajambulalo nanenso ndinalijambulapo pa bolodi m'zaka zanga zoyamba kuphunzitsa, la makolamu atatu, looneka bwino kwambiri. Nditayamba kuchonga mayeso ndinapeza ophunzira ambiri atalemba kuti madzi akamawira mabondi ake a kovalenti amaduka. Sindinawakwiyire, chifukwa nditayang'ananso pa bolodi ndinaona kuti tebulo langa lomwe ndi lomwe linawauza zimenezo. Munali mawu akuti "kovalenti: kusungunuka mosavuta", ndipo mwana woganiza bwino akaona mawu amenewo amangomaliza yekha kuti ndiye kuti bondi ya kovalenti ndi yofooka. Choncho chofuna kukonza ndi kamangidwe ka tebulolo.

Tiyambe ndi makolamu. Mitundu ya mabondi ilipodi itatu, koma zomwe mayeso amafunsa, monga kusungunuka, kulimba ndi kudutsitsa magetsi, sizimachokera ku bondi yokha. Zimachokera ku momwe tizidutswa ta chinthucho tasanjikirana. Mukayang'ana kasanjidweko mupeza magulu anayi, chifukwa zinthu za kovalenti zimagawanika pawiri. Zina zimakhala mamolekyulu ang'onoang'ono, iliyonse payokha, monga madzi, H₂O, ayodini, I₂, ndi metheni, CH₄. Zina ndi chimangidwe chimodzi chachikulu momwe atomu iliyonse yagwirana ndi zinzake mpaka kumapeto kwa mwala wonse, monga dayamondi ndi silika, SiO₂. Magulu awiriwa ali ndi bondi ya mtundu umodzi koma khalidwe lawo ndi lotalikirana zedi. Metheni imawira pa −162 °C, silika amasungunuka cha m'ma 1,700 °C. Mukaziika m'kolamu imodzi, chilichonse chomwe mungalembe m'kabokosi kake chikhala chabodza kwa limodzi la maguluwo. Ndiye gawani kolamu ya kovalenti ija pawiri, makolamu akhale anayi.

Tsopano mizere yopingasa, yomwe ndi pamene pagona nkhani. Ambiri amalemba mitu monga "kusungunuka", "magetsi", "zitsanzo", kenako n'kudzaza mabokosi ndi "inde", "ayi", "pamwamba", "pansi". Tebulo lotere limasunga mayankho popanda zifukwa zake, ndiye funso likangobwera ndi mawu akuti "fotokozani chifukwa", mulibe chogwira. Ine ndimauza ophunzira anga kuti mzere uliwonse ukhale funso lathunthu, ndipo funso lomwelo lifunsidwe ku makolamu onse anayi mosasintha liwu. Komanso mafunsowo atsatane ngati unyolo, kuti yankho la mzere wapamwamba libereke yankho la mzere wapansi pake.

Funso loyamba ndi lakuti: muli tizidutswa tanji m'chinthuchi? Mumchere, NaCl, muli maayoni, Na⁺ ndi Cl⁻. M'madzi muli mamolekyulu. Mu dayamondi muli maatomu a kaboni. Mu kopa muli maayoni a pozitivu ndi mailekitironi omasuka omwe sali a atomu imodzi iliyonse. Funso lachiwiri: n'chiyani chikugwirizanitsa kachidutswa kamodzi ndi kanzake? Funso lachitatu, lomwe ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa onse, ndi lakuti: chinthuchi chikamasungunuka ndi moto, chikugonjetsedwa n'chiyani kwenikweni?

Funso lachitatuli tilikhalire pansi pang'ono, chifukwa ndi lomwe likanakupulumutsani pa dayamondi uja. M'madzi muli mphamvu ziwiri zosiyana. Mkati mwa molekyulu iliyonse, atomu ya okisijeni yagwirana ndi maatomu awiri a haidirojeni pogawana mailekitironi, ndipo imeneyo ndiye bondi ya kovalenti. Pakati pa molekyulu ndi molekyulu inzake pali kukokana kwina, kofooka kwambiri poyerekeza. Madzi akamawira pa 100 °C, chomwe chikugonja ndi kukokana kwa pakatiko. Mamolekyulu amangotalikirana, ndipo nthunzi yomwe mukuionayo ikadali H₂O. Umboni wake ndi wosavuta: nthunziyo ikakhudza chinthu chozizira imabwerera kukhala madzi. Mabondi akanaduka tikanapeza gasi wa haidirojeni ndi wa okisijeni. Manambala nawonso amavomereza. Kusandutsa molo imodzi ya madzi owira kukhala nthunzi kumadya pafupifupi 41 kJ, pomwe kudula molo imodzi ya mabondi a O–H kumafuna pafupifupi 460 kJ, kuposa kakhumi.

Mu dayamondi mulibe mamolekyulu oti atalikirane. Atomu iliyonse ya kaboni yagwirana ndi maatomu anayi, ndipo anayiwo agwirananso ndi ena, mpaka mwala wonse. Kuti maatomuwo ayambe kuyenda momasuka, mabondi a kovalenti enieniwo ayenera kuduka, ambirimbiri, ndipo zimenezo zimafuna kutentha koposa 3,500 °C. Ndiye bondi ya kovalenti ndi yamphamvu m'madzi momwemo, ndi yamphamvunso mu dayamondi. Kusiyana kwake n'kwakuti m'madzi simufunika kuidula kuti madziwo awire.

Funso lachinayi ndi la magetsi, ndipo musalilembe kuti "kodi chimadutsitsa magetsi?" Lembani kuti: muli kachidutswa kokhala ndi chaji komwe kangathe kuyenda? Pali zinthu ziwiri m'funso limeneli, chaji ndi kuyenda, ndipo zonse ziwiri ziyenera kupezeka. Mchere wouma uli ndi chaji yambiri, popeza wonse ndi maayoni. Koma ayoni iliyonse yakhomereredwa pamalo pake, Na⁺ iliyonse yazunguliridwa ndi ma Cl⁻ asanu ndi imodzi, ndipo Cl⁻ iliyonse yazunguliridwa ndi ma Na⁺ asanu ndi imodzi. Imangonjenjemera pomwepo. Mukausungunula ndi moto pa 801 °C, kapena mukauthira m'madzi, maayoni amamasuka n'kuyamba kuyenda, magetsi n'kudutsa. Ndiye mzere wa magetsi uyenera kugawidwa: chikakhala cholimba, ndi chikakhala chamadzimadzi. Mzere umodzi wokha sungakwane yankho la mchere, chifukwa yankho lake ndi ayi ndi inde pa nthawi zosiyana.

Pamenepa pali cholakwa china chomwe ndimachiona chaka ndi chaka. Wophunzira amalemba kuti mchere wosungunuka umadutsitsa magetsi "chifukwa mailekitironi amasuka". Ayi, omwe akuyenda ndi maayoni. Mailekitironi omasuka ndi a m'zitsulo ndi mu girafaiti. Ngati m'kabokosi mwangolemba "inde", palibe chokukumbutsani kuti akuyenda ndani. Lembani dzina la woyendayo m'kabokosi momwemo.

Tebulo lake likhoza kuoneka chonchi:

| Funso | Ayoniki | Mamolekyulu ang'ono | Kovalenti yaikulu | Metaliki |
|---|---|---|---|---|
| Muli tizidutswa tanji? | maayoni a pozitivu ndi a negativu | mamolekyulu | maatomu | maayoni a pozitivu ndi mailekitironi omasuka |
| Moto ukugonjetsa chiyani posungunula? | kukokana kwa maayoni, kwamphamvu | kukokana kwa pakati pa mamolekyulu, kofooka | mabondi a kovalenti enieniwo | kukokana kwa maayoni ndi mailekitironi |
| Chitsanzo ndi pomwe chimasungunukira | NaCl, 801 °C | I₂, 114 °C | SiO₂, cha m'ma 1,700 °C | Cu, 1,085 °C |
| Chikakhala cholimba, wachaji woyenda ndani? | palibe | palibe | palibe, kupatula mu girafaiti | mailekitironi |
| Moto ukachisungunula, wachaji woyenda ndani? | maayoni | palibe | palibe | mailekitironi |

Muona kuti ndaika manambala m'malo mwa mawu akuti "pamwamba" ndi "pansi". Ndachita dala. Mawu amenewo amabisa zambiri, makamaka m'kolamu ya zitsulo. Sodiyamu ndi chitsulo, koma amasungunuka pa 98 °C, pansi pa ayodini yemwe ndi wa mamolekyulu. Mekyuli ndi wamadzimadzi kale pa kutentha kwa m'chipinda, popeza amasungunuka pa −39 °C. Tangisiteni amadikira mpaka 3,422 °C. Munthu woloweza kuti "zitsulo zimasungunuka pa kutentha kwakukulu" akapatsidwa nambala ya sodiyamu amamuika m'gulu lolakwika. Ngakhale m'kolamu ya ayoniki nambala imaphunzitsa kanthu. Ikani MgO pambali pa NaCl: MgO amasungunuka kupitirira 2,800 °C, chifukwa maayoni ake, Mg²⁺ ndi O²⁻, ali ndi chaji yowirikiza ndipo ndi aang'ono, motero amakokana mwamphamvu kwambiri. Zitsanzo ziwiri zoterezi m'kabokosi kamodzi zimakukumbutsani chifukwa chake popanda chiganizo chachitali.

Pali kanthu kena ka m'chilankhulo chathu komwe kamasokoneza ana ambiri osazindikira. Timati mchere wasungunuka tikauthira m'madzi, timatinso chitsulo chasungunuka chikapsa ndi moto. Liwu ndi limodzi koma zochitika ndi ziwiri. Ndinakumanapo ndi wophunzira yemwe ankakana kuti mchere umasungunuka pa 801 °C, akunena kuti iye amauona ukusungunuka m'madzi ozizira. Sanalakwitse pa zomwe ankaona. Ndiye mu tebulo lanu musalembe "kusungunuka" pakokha. Lembani "kusungunuka ndi moto" pa mzere wake, "kusungunuka m'madzi" pa mzere wina. Ndipo mzere wa m'madziwo muusamale, chifukwa ndi womwe umanama kwambiri. N'zoona kuti zinthu zambiri za ayoniki zimasungunuka m'madzi, koma CaCO₃ ndi AgCl ndi za ayoniki ndipo sizisungunuka kwenikweni. Shuga ndi wa mamolekyulu koma amasungunuka bwino lomwe, kungoti madzi akewo sadutsitsa magetsi, popeza mamolekyulu a shuga amabalalika ali athunthu opanda chaji. Mzere umenewu ndimalola wophunzira kuuika pansi pa tebulo, koma ndimamuletsa kuugwiritsa ntchito podziwira mtundu wa chinthu.

Tebulo likatha, liyeseni musanalikhulupirire. Njira yake ndi kubisa mayina n'kusiya khalidwe lokha, monga momwe olemba mayeso amachitira. Tiyeni tiyese limodzi. Mwapatsidwa zinthu zinayi. P chimasungunuka pa 770 °C, sichidutsitsa magetsi chili cholimba, koma chimadutsitsa chikasungunuka. Q chimasungunuka pa 98 °C ndipo chimadutsitsa magetsi chili cholimba komanso chikasungunuka. R chimasungunuka pa 80 °C, magetsi sadutsa nthawi zonse ziwiri. S chimasungunuka cha m'ma 1,700 °C, magetsi sadutsanso.

Maso amathamangira ku manambala, ndipo wothamangayo amaika Q ndi R m'gulu limodzi chifukwa 98 ndi 80 ayandikana. Yambirani pa mzere womwe umalekanitsa bwino, wa magetsi pa chinthu cholimba. Ndi Q chokha chomwe chikuyankha inde, ndiye muli mailekitironi omasuka, ndipo popeza chikasungunuka chikudutsitsabe, Q ndi chitsulo; ameneyu ndi sodiyamu uja. Zatsala zitatu. Pitani pa mzere wotsatira: chikasungunuka ndi moto, pali wachaji woyenda? P chasintha kuchoka pa ayi kupita pa inde, ndipo gulu lomwe limasintha chonchi ndi limodzi lokha, la ayoniki. Nambala ya 770 °C ikungotsimikiza. Ndi ya KCl. Tsopano R ndi S zikufanana pa magetsi, ndiye apa m'pomwe nambala imagwira ntchito yake. Kutentha kwa 80 °C sikungadule mabondi a kovalenti ochuluka, ndiye chomwe chagonja mu R ndi kukokana kofooka kwa pakati pa mamolekyulu, ndi nafitalini. S chafuna moto woopsa popanda maayoni kapena mailekitironi omasuka, ndiye ndi kovalenti yaikulu, silika. Mwaona kuti tinayamba ndi mizere iwiri ya magetsi, nambala n'kubwera pomaliza. Lembani ndondomeko imeneyi m'mphepete mwa tebulo lanu, 1, 2, 3, kuti dzanja lizolowere kutsata njira yomweyo.

Zinthu zomwe zimakana kulowa bwino m'makolamu musazibise, komanso musazithire zonse mkati mwa mabokosi mpaka tebulo kudzadza. Ine ndimasiya malo pansi pa tebulo oti ndilembemo zitatu kapena zinayi zokha, chilichonse ndi chifukwa chake. Girafaiti ndi woyamba. Ndi kaboni ngati dayamondi, koma atomu iliyonse yagwirana ndi atatu okha, m'magawo osanjikizana, ndipo ilekitironi yachinayi ya atomu iliyonse ndi yomasuka kuyenda m'gawo lake. N'chifukwa chake amadutsitsa magetsi ngakhale si chitsulo, ndipo n'chifukwa chakenso ndi wofewa, popeza magawowo amaterereka pa anzawo. Taonani kuti funso la mu tebulo lija, lakuti wachaji woyenda ndani, likugwirabe ntchito pa girafaiti. Akanaswa lamulo mukanakhala kuti munalemba "kovalenti sidutsitsa magetsi", koma funso lenilenilo iye akuliyankha bwinobwino.

Wachiwiri ndi HCl. Ali gasi ndi molekyulu ya kovalenti, ndipo amawira pa −85 °C monga mamolekyulu ang'ono amachitira. Koma akalowa m'madzi amagawanika kukhala maayoni, ndipo madziwo amadutsitsa magetsi. Ndi chifukwa china chomwe ndasiyanitsira moto ndi madzi m'mizere ija. Wachitatu ndi NH₄Cl, yemwe mulibemo chitsulo ngakhale pang'ono koma ndi wa ayoniki, ndipo mkati mwa ayoni ya NH₄⁺ muli mabondi a kovalenti. Chinthu chimodzi chili ndi mabondi a mitundu iwiri. Chimenechi chimakuchenjezani kuti lamulo lija lakuti chitsulo ndi chosakhala chitsulo zimapanga ayoniki ndi poyambira chabe. Mukadzapita patsogolo mudzaphunzira kuti pakati pa ayoniki ndi kovalenti palibe khoma, kuti mabondi amapendekera uku kapena uko malinga ndi momwe maatomu awiriwo amasiyanirana pa mphamvu yokoka mailekitironi. Pakadali pano mizere ya tebulo ikuthandizeni, bola mudziwe kuti ndi ife tinaijambula.

Njira yomweyi imagwira pa magulu a mariyakishoni, koma pali msampha umodzi woti ndikutchulireni. Makolamu a tebulo limodzi ayenera kukhala mayankho osiyana a funso limodzi. Tengani Zn + CuSO₄ → ZnSO₄ + Cu. Zinki walanda malo a kopa, ndiye ndi riyakishoni yolandana malo. Zinki wataya mailekitironi awiri ndipo ayoni ya kopa yawalandira, ndiye ndi ridokisi. Imatulutsanso kutentha. Mukaika mayina atatuwa ngati makolamu a tebulo limodzi, riyakishoni imeneyi ilowa monsemo ndipo mudzasokonezeka. Mafunso ake ndi atatu osiyana: maatomu asinthana bwanji malo, mailekitironi asamuka kapena ayi, kutentha kwalowa kapena kwatuluka. Apa ndi bwino kutembenuza tebulo, mariyakishoni akhale m'mizere ndipo mafunso atatuwo akhale makolamu.

Za kuloweza, ndinganene mwachidule. Tebulo lomwe mwakopera m'buku kapena kwa mnzanu limakhala la mwini wake. Jambulani lanu, kenako mawa lake tengani pepala loyera, lembani mafunso okha kumanzere ndi mitu inayi pamwamba, mudzaze osayang'ana. Kabokosi komwe kakukanikani, musathamangire kukaonera. Kwerani mzere umodzi pamwamba pake mufunse ngati yankho lingatuluke pamenepo. Ngati mukudziwa kuti mu kopa muli mailekitironi omasuka, yankho la magetsi mulitulutsa nokha. Mukaona kuti tebulo lakula kupitirira mizere isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, ndiye kuti mwayamba kukopera notsi m'mabokosi, ndipo chotsani mzere uliwonse womwe mayankho ake akufanana m'makolamu onse, chifukwa sukulekanitsa kanthu.

Pali nthawi yomwe tebulo silingakuthandizeni nokha. Ngati mzere woyamba weniweniwo ukukuvutani, mwachitsanzo simukutha kufotokoza chifukwa chake sodiyamu, wa kasanjidwe ka mailekitironi 2,8,1, amakhala Na⁺, pomwe kilorini wa 2,8,7 amakhala Cl⁻, ndiye kuti mpata uli kumbuyo, pa kamangidwe ka atomu, ndipo pitani kwa aphunzitsi anu mubwereze gawo limenelo musanajambule china chilichonse. Apatseninso tebulo lanu latsopanoli aliyang'ane, chifukwa masilabasi amasiyana pa kuzama komanso pa mawu omwe ochonga amafuna kuona, ndipo cholakwa chimodzi cholowezedwa bwino chimavuta kuchichotsa. Popita kumeneko tengani pepala la mayeso lija, muwaonetse mayankho anu awiri monga munawalembera, kuti aone pomwe maganizo anapatukira. Ndipo ngati mukufuna kudzionera nokha kuti madzi a mchere amadutsitsa magetsi pomwe a shuga sadutsitsa, chitani zimenezo mu labu, ndi batire laling'ono ndi kababu, aphunzitsi ali pomwepo. Magetsi a pakhoma musawayandikize ku madzi a mchere, chifukwa amapha.